Mmene ndinapezera khosi lolendewera pachidole ndisanadule patani

Khosi lolendewera, lija limagwa ngati mafunde pachifuwa, sindiyamba kulijambula papepala. Ndinayesapo kangapo, ndipo pepala limangondipatsa kukula kwa khosi, koma kagwedwe ka nsalu ayi. Choncho nditafuna bulauzi ya satini yokhala ndi khosi lotere, ndinayambira pachidole chosokera, nsalu m'manja, mapini pambali.

Chidolecho ndinachikonza kaye. Ndinamata kariboni kakuda kuchokera pakati pa khosi kutsika mpaka m'chiuno, ndi kena pamzere wa phewa lililonse. Kenako ndinabaya pini pa phewa lililonse, masentimita 4 kuchokera m'mbali mwa khosi, n'kulendeweretsa tepi yoyezera pakati pa mapini awiriwo mpaka inafika pomwe ndimafuna khosi lithere, pamwamba pang'ono pa mabere. Tepi inawerenga masentimita 46, kutanthauza 23 mbali iliyonse.

Poyamba ndinatenga kaliko, chifukwa ndi amene ndimayesera zinthu zambiri. Apa sanathandize. Kaliko ndi wouma, ndiye m'malo mogwa anangoima kutsogolo ngati mlomo wa jagi. Ndinamuchotsa n'kutenga satini wotsika mtengo wolemera mofanana ndi amene ndidzasokere. Nsalu yoyesera iyenera kugwa ngati nsalu yeniyeniyo, apo ayi patani yomwe mutulutse idzakhala ya chovala china.

Ndinadula chidutswa cha masentimita 90 mbali zonse zinayi, nditasolola ulusi umodzi kuti mbali yodulayo iwongoke ndithu. Nsalu yoluka ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina woyenda m'lifupi, ndipo mukaikoka motsatira ulusiwo sitamuka kwenikweni. Koma mukaikoka mopingasa, kuchokera pangodya kupita pangodya inzake, imatamuka n'kufewa. Kupingasa kumeneku, kwa madigiri 45, ndiko timati bayasi, ndipo khosi lolendewera limadalira pamenepa. Ndinayala nsaluyo patebulo, ndinajambula mzere ndi choko kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anana nayo, kenako ndinadutsamo ndi ulusi wofiira pamanja, chifukwa choko pa satini sichichedwa kufufutika. Mzere wofiirawu ndiwo pakati pa kutsogolo kwa bulauzi.

Ngodya yapamwamba ndinaipindira mkati masentimita 35, nsonga yake itagona pamzere wofiira. Popindapo ndiye m'mphepete mwa khosi, ndipo chopindira mkaticho chimadzakhala chobisa kuseri kwa nsalu. Popindapo musasite ndi simbi. Mukasita, m'mphepete mumauma n'kukhala ndi mzere wakuthwa, pomwe khosi lotere limakongola likamapindika lokha mofewa. Ndinayeza masentimita 23 kuchokera pamzere wofiira kupita kumanja, enanso 23 kupita kumanzere, osakoka nsalu ngakhale pang'ono, ndipo ndinaika chizindikiro uku ndi uku.

Tsopano pachidole. Zizindikiro ziwirizo ndinazibaya pa mapewa, pomwe panali mapini oyamba aja, n'kusiya pakati pagwe pokha. Funde loyamba linabwera lokha. Lachiwiri ndinachita kulipanga: ndinagwira nsalu m'munsi pang'ono mwa phewa, ndinaikweza m'mwamba cha ku khosi, n'kupinda kapuliti ka masentimita awiri pamzere wa phewa. Ndinachita chimodzimodzi mbali inayo nthawi yomweyo. Musamalize mbali imodzi yonse kenako n'kupita kwina, chifukwa nsalu yapabayasi imathawira komwe mwayamba kukoka. Pini kumanja, pini kumanzere, kenako bwererani m'mbuyo mapazi atatu muone.

Chimene ndimayang'ana ndikabwerera m'mbuyo ndi ulusi wofiira uja. Ukagona ndendende pamwamba pa kariboni kakuda kuyambira pansi pa mafunde mpaka m'chiuno, ndiye kuti zili bwino. Tsikulo unakhotera kumanzere pafupifupi sentimita imodzi ndi theka cha pachifuwa, ndipo funde lakumanzere linali lolemera, lotsika kuposa linzake. Ndinayeza mapuliti onse awiri, anali ofanana. Vuto silinali manja anga. Mukaika nsalu pabayasi, ulusi wa m'litali umatsika kuchokera paphewa limodzi, ndipo wa m'lifupi umatsika kuchokera paphewa linalo. Ulusi wa m'litali nthawi zambiri ndi wolimba, pomwe wa m'lifupi umagonja msanga. Ndiye mbali ziwirizo sizigwa mofanana ngakhale muyeze bwanji, makamaka pa satini. Ndinamasula mapini a kumanzere, ndinakweza nsalu pang'ono paphewa mpaka ulusi wofiira unabwerera pamalo pake, n'kubayanso.

Nditakhutira ndi mafunde, ndinasalaza nsalu ndi chikhatho kuchokera pachifuwa kupita m'mbali, mopepuka ngati ndikusisita mwana wogona. Apa ndi pomwe ambiri amakoka kuti chiuno chigwire thupi, ndipo pachidole zimaoneka bwino, koma mukachotsa mapini nsalu imabwerera, msoko wa m'mbali n'kuchita makwinya. Pomwe nsalu imakana kugona, m'khwapa ndi m'munsi mwa chiuno, ndinatema pang'onopang'ono ndi sizasi kunja kwa mzere wosokera kuti imasuke.

Kenako ndinasiya nsaluyo pachidole usiku wonse. Nsalu yapabayasi imapitiriza kutamuka ndi kulemera kwake komwe, ndipo kukacha khosi linali litatsika pafupifupi sentimita imodzi. Ndinapendeketsanso chidolecho kutsogolo, monga munthu amawerama potola chinthu, ndipo khosi linayasama kwambiri moti zamkati zonse zikanaonekera. Ndinachepetsa mbali iliyonse kuchoka pa 23 kufika pa 21 n'kukonzanso mapuliti. Masentimita awiri okhawo anakweza khosi mokwanira popanda kupha mafunde.

Apa m'pamene ndinalemba zizindikiro, nsalu ikadali pachidole: mzere wa phewa, mbali zonse ziwiri za puliti iliyonse ndi komwe ikugonera, m'khwapa, msoko wa m'mbali ndi chiuno. Ndinalemba mbali imodzi yokha, yakumanja, imene inagwa bwino. Nditatsitsa nsalu, ndinaipinda pamzere wofiira, ndinawongola mizere ndi rula, n'kuikopera mbali inayo. Mzere wa phewa ndinaudula mapuliti ali otseka ndipo chopindira mkati chija chili chopindidwa, kuti zonse zidzakumane bwino pamsoko umodzi wa phewa. Chopindiracho ndinachidula mozungulira, n'kusiya masentimita 10 pakati. Chikafupika kuposa pamenepo chimakonda kutembenukira kunja munthu akamayenda, ndipo ena amasokerera kandalama kachitsulo kokutidwa ndi nsalu pakati pake kuti chizikhala pansi.

Ndisanakhudze pepala ndinabwezeranso nsaluyo pachidole, nditailumikiza ndi chakumbuyo pa mapewa ndi m'mbali. Kumanzere kunafunikabe kukweza pang'ono, pafupifupi theka la sentimita paphewa, ndipo ndinalemba zimenezo kuti ndidzakonze poyesa pathupi, osati kupotoza patani.

Papepala ndinajambula kutsogolo konse, osati theka, chifukwa nsalu yapabayasi ndimaidula itayalidwa imodzi, yosapinda pawiri. Muvi wosonyeza ulusi wa m'litali ndinaujambula pa madigiri 45 kuchokera pamzere wapakati. M'misoko ya m'mbali ndinasiya masentimita awiri ndi theka m'malo mwa imodzi ndi theka ya masiku onse, kuti nsalu ikatamuka n'kuwonda ndidzakhale ndi pomasulira. Pamwamba pa patani ndinalemba dzina la nsalu yomwe ndinayesera, chifukwa tsiku lina ndikadzafuna khosi lomweli pa shifoni kapena pa nsalu yolemera, ndidzayenera kubwereranso pachidole.