Mtengo wa pa foni suthera pa foni

Sabata ino ntchito yoitanitsira anthu katundu kunja inali ya masiku onse: mafoni awiri afika, machaja a ku China akadali m'njira, khadi la kubanki likukana ngati kale chifukwa cha kusowa kwa madola. Koma za Lachitatu zandikhala pamtima.

Bambo wina wa sukulu ya mkaka anabwera ine kulibe, atanyamula chithunzi cha pulinta ya leza chochokera pa apu yofananitsa mitengo. Mtengo wa $320 unali wokhwatchidwa, pansi pake $189. Abwana anangochulukitsa $189 ndi mtengo wa dola, n'kuwonjezera kaphindu kathu, n'kulandira dipoziti. Osandiimbira n'komwe.

Nditafika ndinatsegula Keepa, yomwe imasunga mbiri ya mitengo ya pa Amazon. Mzere wa pulintayo unali ukuyenda pakati pa $180 ndi $200 kwa miyezi yambiri. $320 ija ndi mtengo wongolembedwa, palibe pomwe mzere unafikapo. Kuponi yomwe bamboyo ankanyadira nayonso inali ya ogula koyamba, ndipo akaunti yathu ndi yakale.

Izi n'zazing'ono. Apu imaonetsa mtengo wofikitsa katundu pakhomo la munthu wa ku America, basi. Msonkho wogulira umabwera pomaliza polipira, kutengera dera la adiresi. N'chifukwa chake anzathu ambiri amasankha nyumba zosungira katundu za ku Delaware kapena Oregon, komwe msonkhowu kulibe. Kenako ndege. Pulinta ndi katoni yake zinkalemera makilo 9, koma onyamula katundu amayezanso kukula kwa katoni: masentimita 50 × 45 × 36, kugawa ndi 5000, zimapereka makilo 16.2, ndipo amalipiritsa nambala yaikuluyo. Misonkho ya kuno nayo amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza ndalama zonyamulira ndi inshuwalansi, osati pa $189 yokha.

Chomwe chinandikwiyitsa kwenikweni chinali m'munsi mwa tsamba, pomwe palibe amene anawerenga: 120V. Magetsi athu ndi a 230V. Chaja ya laputopu imalandira zonse, pambuyo pake pamalembedwa 100–240V, koma mapulinta a leza ambiri amapangidwira magetsi a dera limodzi chifukwa cha kachipangizo kotenthetsa inki ya ufa. Kuilumikiza kuno popanda thiransifoma n'kuiotcha.

Wofotokozera bamboyo zonsezi anali ine, abwana ali m'chipinda chawo chitseko chotseka. "Nanga achimwene, amene analandira ndalama zanga sanazione zimenezi?" Ndinangoti pepani bambo.

Lachinayi ndinawapezera ya 230V kudzera pa PriceSpy, tsamba lofananitsa mitengo la ku Britain, pulagi yake ya mano atatu ngati yathu. Pa foni imaoneka yodula kuposa ija, ndipo bamboyo sanayankhebe. Dipoziti ikadali m'kabati, abwana akuti ndiwanyengerere ndine.