Kolamu yachiwiri imalankhula pokhapokha yoyamba ikalephera kuweruza

Kwa sabata yathunthu ndakhala ndikulimbana ndi tebulo la alimi a chimanga limene tinapatsidwa m'kalasi ya madzulo ya SQL, chilankhulo chofunsira matebulo a pakompyuta, kuno ku Chipata, ndipo dzulo ndi pamene mutu wanga unatseguka. Funso linali lakuti maboma atsatane monga mwa alifabeti, koma m'boma lililonse mlimi amene anakolola matumba ambiri akhale pamwamba.

Poyamba ndinalemba lamulo losanja mizere lakuti `ORDER BY matumba DESC, boma`, m'mene `DESC` amatanthauza kuyamba ndi chachikulu, poganiza kuti makolamu awiriwo adzamveredwa mofanana, koma maboma anatuluka osakanikirana ngati nyemba ndi mankhusu, moti ndinayesa kuti kompyuta yanyalanyaza `boma`. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kolamu yachiwiri imafunsidwa pokhapokha mizere ikafanana pa kolamu yoyamba. Popeza alimi okolola matumba ofanana ndendende anali ochepa, `boma` inalibe mlandu woti iweruze.

Ndinatenga pepala n'kulemba mizere isanu yokha: Chipata 40, Katete 55, Chipata 12, Katete 30, ndi Chipata 40 wina amene ndinamuika dala. Kenaka ndinalemba chonchi:

```sql
SELECT dzina, boma, matumba
FROM alimi
ORDER BY boma ASC, matumba DESC, dzina;
```

A ku Chipata amayamba, 40, 40 ndi 12, kenaka a ku Katete, 55 ndi 30, ngakhale kuti 55 ndiye wamkulu pa onse. Alimi awiri a matumba 40 aja amalekanitsidwa ndi `dzina`, ndipo mukachotsa kolamu imeneyi SQL silonjeza kuti ndani adzakhala pamwamba pa mnzake. Pamenepa ndinaonanso kuti `DESC` amagwira kolamu imene wayandikana nayo basi, kotero kuti wofuna kutembenuza makolamu onse awiri ayenera kumulemba kawiri, chifukwa kolamu yosalembedwa kanthu imatengedwa ngati `ASC`, kutanthauza kuyamba ndi chaching'ono.

Ine ndikuona kuti mizere isanu ya papepala, yokhala ndi manambala ofanana oikidwa dala, imaphunzitsa kuposa buku lililonse. Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anadutsa mutu umenewu m'mphindi zosakwana khumi, ndi chitsanzo cha kolamu imodzi, ndipo tsiku limene ndinafuna kufunsa magetsi anazima tisanayambe n'komwe.

Patsala nkhani ya mlimi amene matumba ake sanawerengedwe, amene pa `matumba` pali `NULL`. Mapulogalamu a SQL amasiyana pa nkhaniyi: mu PostgreSQL, mukalemba `DESC`, mlimi ameneyu amakwera pamwamba pa boma lake ngati kuti ndiye katswiri, pamene mu MySQL ndi SQLite amatsikira pansi. Ndikhoza kuwonjezera `NULLS LAST` kuti atsike, koma mtima wanga sunakhazikike, chifukwa kumuika pansi pa wa matumba 12 kukuoneka ngati kunena kuti anakolola zochepa, chikhalirecho mwina nkhokwe yake ndi yodzaza.