Mmene ndinalembera kalata ya mayeso a moko

Ahedi atabwera kuchokera ku TDC, komwe aphunzitsi a m'zoni yathu amakumana, ndi masiku a moko wa Sitandade 8, anandiuza kuti, "Achiwiri, aphunzitsi alandire kalata ya oyang'anira mayeso pofika Lachinayi." Chaka chatha tinangolengeza pakamwa m'sitafu, ndipo tsiku lachiwiri chipinda china chinakhala theka la ola popanda woyang'anira. Aliyense ankati amaganiza kuti ndi mnzake.

Ndinayamba ndi kuwerenga. Ana tinali nawo 84, zipinda ziwiri, ana 42 m'chipinda chilichonse, kukhala motsatira manambala awo monga amachitira pa mayeso a MANEB. Mapepala ndi asanu ndi limodzi, awiri pa tsiku kwa masiku atatu. Chipinda chimafuna oyang'anira awiri, choncho pepala lililonse limadya aphunzitsi anayi, malo onse pamodzi 24. Ndinasankha aphunzitsi 8, aliyense katatu, ndipo dzina lachisanu ndi chinayi ndinalisunga padera chifukwa kumudzi kuno maliro sapangana ndi tayimutebulo.

Chinandivuta ndi kugawa. Wophunzitsa masamu sangayang'anire masamu. Ngakhale ali wokhulupirika, mwana akakweza dzanja mtima umagwa, amayamba kufotokoza funso. Aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 ndinawaika masana okha, ana awo ataweruka. Pansi pa ndandanda ndinalemba kuti wofuna kusinthana ndi mnzake andiuze kukadali tsiku, onse awiri asaine.

Za ojomba ndi zimene ndinalemba mwatsatanetsatane. Woyang'anira aitane maina pepala lisanagawidwe, osati kumapeto, ndipo pakatha mphindi 30 atumize maina a osowa ku ofesi. Pa dzina la wojomba alembe `ABS`, osati 0. Ziro ndi wa mwana amene walemba n'kulephera. Mukawasakaniza, avereji ya kalasi imatsika, ndipo mumayamba kubwereza phunziro limene ana analimva kale, vuto lili kwina.

Tsiku lachiwiri linagwera pa msika wa ku Lizulu, ndipo anyamata atatu sanaoneke. Pofika 9 koloko maina anali atafika kwa amayi a madagulupu, amene anapeza kuti awiri anatumidwa kukagulitsa mbatatesi, wachitatu wagona ndi malungo. Awiri aja anabwera masana n'kulemba pepala lachiwiri. Lam'mawa sitinawapatse tsiku lomwelo, popeza anzawo anali atawauza kale mafunso pa nthawi yopuma. Analemba mlungu wotsatira, kuti angozolowera, koma malikisi awo sitinawaike pa mndandanda wa mapozishoni. Wodwalayo tinamusiyira `ABS` pa mapepala amene anaphonya, mayi ake atabweretsa buku la kuchipatala.

Kalatayo ndinaimata m'sitafu, koma kope lina linazungulira kuti mphunzitsi aliyense asaine pafupi ndi dzina lake. Mmodzi anadandaula kuti ndamupatsa m'mawa kawiri pamene amachokera kutali pa njinga, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Anali ndi mfundo, ndinamusinthitsa ndi wokhala m'nyumba za pasukulu.