Mmene ndimagawira nkhani yaitali kukhala mapositi, kalata ndi kanema

Ndikakhala ndi nkhani ya mawu ngati 1,500, sindiyamba ndi kuifupikitsa. Chidule chimangokhudza zonse pamwambamwamba, owerenga osatolapo kanthu. Ndimaiwerenga kaye, n'kudula mzere kunsi kwa mfundo iliyonse imene ingaime payokha. Kawirikawiri zimapezeka zinayi kapena zisanu.

Tinene kuti nkhaniyo ndi ya kasamalidwe ka batire la foni. Mfundo zake: kutentha kumaliwononga, kuwala kwa sikirini kumadya moto wambiri, ndipo kulilekerera kufika pa 0% nthawi zonse kumalikalambitsa msanga.

Positi iliyonse ndimaipatsa mfundo imodzi basi. Ndimachotsa mawu ngati "monga tanena kale", chifukwa amene akuwerengayo nkhani yaikulu ija sanaione. Mzere woyamba ndi umene ndimauchedwera, popeza pa Facebook ndi Instagram mawu ataliatali amadulidwa, enawo n'kubisika. M'malo molemba kuti "Werengani nkhani yathu yatsopano", ndimalemba kuti "Kutchaja foni ili pansi pa pilo kumapha batire." Pa X, akaunti wamba imalola zilembo 280 zokha. Pa Instagram linki yoikidwa m'mawu a pansi pa chithunzi sidinika, ndiye ndimauza anthu kuti aipeze pa pulofayilo.

Kalata ya pa imelo imakhala ya mawu 150 mpaka 200. Ndimafotokoza mfundo imodzi mokwanira, zinazo ndimangozitchula, kenako linki imodzi. Mutu wake ndimayesetsa usapitirire zilembo 40, kuopa kuti ungaduke pa foni. Kumapeto kwa linkiyo ndimawonjezera izi kuti ndidziwe amene abwera kudzera m'kalata:

```
?utm_source=newsletter&utm_medium=email
```

Kanema ndiye amavuta, chifukwa chiganizo chokoma pochiona papepala chimatha kupinda lilime pochilankhula. Ndimagawa tsamba pawiri: kumanzere zolankhula, kumanja zooneka. Kumanzere kukakhala "Foni ikatentha, ichotseni pa tchaja", kumanja ndimalemba kuti dzanja likuzula chingwe. Mzere umene ulibe chooneka chake ndimauganiziranso, nthawi zambiri umakhala wosafunika. Moni wautali ndi kudzidziwitsa sindiyamba nazo. Masekondi atatu oyamba ayenera kutchula vuto, apo ayi munthu wadutsa kale.

Kutalika kwake sindidalira kuwerenga chiwerengero cha mawu. Ndimalankhula mokweza wotchi ikuyenda. Ndikapitirira masekondi 60, ndimachotsa chiganizo chathunthu, osati kuthamangitsa pakamwa, ndipo pamene mpweya wandithera ndimadula chiganizocho pawiri. Ndimajambula foni itaimirira, pa 9:16, n'kuika mawu olembedwa chapakati pa sikirini kuti oonera mopanda phokoso atsatire. M'munsi mabatani amawaphimba.

Ndisanatumize chilichonse ndimafananitsanso manambala onse ndi nkhani yaikulu ija. Pofupikitsa, mawu ngati "kawirikawiri" ndi "mwina" ndi amene amayamba kugwa, ndipo mfundo yoona imasanduka bodza.