Mmene ndinagawira ndalama za penshoni nditapuma pa ntchito

Ndinapuma pa ntchito mu 2024 nditagwira zaka zambiri ngati kalaliki pa kampani ina ku Blantyre. Thumba langa la penshoni linali litafika pa K24 miliyoni, zochokera ku 5 peresenti imene ankandidula mwezi ndi mwezi, 10 peresenti imene abwana ankaikapo, ndi phindu lake. Lamulo la penshoni la 2023 limalola wopuma kutenga theka nthawi imodzi, pomwe lamulo la 2011 linkalola 40 peresenti yokha. Ndiye K12 miliyoni inali yolowa m'manja mwanga, ndipo inayo inayenera kutsala kuti izindipatsa kangachepe pamwezi.

Ndisanasaine chilichonse ndinapempha pepala losonyeza ndalama zonse zimene zinalowa m'thumba, ndi kuliyerekeza ndi mapepala anga a malipiro. Makampani ena amadula ndalama pa malipiro a antchito koma osazitumiza ku thumba la penshoni, ndipo zikatero pa pepala pamaoneka miyezi yopanda kanthu. Langa linali lokwanira. Ndinapereka kalata yotsimikiza kuti ndapuma, chiphaso cha unzika ndi nambala ya akaunti, ndipo ndinalembanso mwatsopano maina a odzalandira ndikadzamwalira, chifukwa fomu yakale inali ndi dzina la malemu mayi anga.

Theka lotsala lija ndi limene linandiganizitsa kwambiri. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula penshoni ya moyo wonse ku kampani ya inshulansi: umawapatsa ndalama zonse, iwo n'kumakulipira mwezi uliwonse mpaka tsiku lako lomaliza. Yachiwiri ndi kusiya ndalamazo m'thumba kuti zizipitiriza kubereka, iwe n'kumatapa pang'onopang'ono motsatira ndondomeko. Njira yachiwiriyi imasiyira ana zotsala, koma ukakhala ndi moyo wautali thumba likhoza kuphwa uli moyo. Yoyamba siphwa, koma ukasaina wasaina, palibe kubwerera m'mbuyo.

Ndinafunsa mafunso atatu kwa mayi amene ankandithandiza pa za penshoniyi. Kodi malipirowo azikwera chaka ndi chaka kapena adzakhala omwewo? Ndikatsogola ine, mayi a kunyumba azilandira zingati? Nanga ndikamwalira patangopita chaka chimodzi, ndalama zotsala zipita kuti? Anandiyankha kuti, "Bambo, chilichonse mwa zimenezi chilipo, koma chilichonse chimene mwawonjezera chimatsitsa ndalama ya mwezi woyamba." Anandilembera ziwerengero zake mbali ndi mbali. Ndinasankha ya moyo wonse, yokwera chaka chilichonse, yopitirira kwa mkazi wanga. Inali yochepa kuposa zinazo poyambira, koma aliyense amene anaona kwacha ikugwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akudziwa zimene zimachitikira malipiro osasuntha.

Tsopano K12 miliyoni ija. Itangolowa sindinaikhudze kwa milungu ingapo, ndipo kupatula mayi a kunyumba palibe amene ndinamuuza kuchuluka kwake. Tinakhala pansi awiri ndi kope, n'kugawa ndalamazo potengera nthawi imene zidzafunike, osati potengera zimene mtima unkalakalaka.

Zofunika msanga zinatenga K3.5 miliyoni. Ngongole ya ku SACCO inali itatsala K1.1 miliyoni, ndipo ndinaitseka yonse, chifukwa chiwongoladzanja chimene ndinkalipira chinkaposa chimene ndikanapeza posunga ndalama yomweyo. Denga la nyumba yathu linkadontha pa chipinda cha ana, moti malata, mitengo, misomali ndi mmisiri zinadya K1.4 miliyoni. K1 miliyoni ndi fizi ya mwana wathu womaliza mpaka amalize fomu 4. Galimoto sinalowe pa mndandandawu. Abale tinawaikira K500,000, tinagwirizana oti alandire ndi zingati, ndipo itatha yankho linali limodzi kwa aliyense, lakuti zinazo zinamangidwa ku banki. Sikuuma mtima ayi. Munthu wopuma alibenso malipiro a mwezi wamawa oti abwezeretse zimene wapereka.

K2 miliyoni tinaisiya mu akaunti yoti tikhoza kutapa tsiku lililonse. Pakhomo pathu timagwiritsa ntchito pafupifupi K330,000 pamwezi, ndiye imeneyi ndi ya miyezi isanu ndi umodzi. Thandizo la chipatala limene kampani inkandilipirira linatha tsiku limene ndinachoka, choncho matenda ndi maliro zimayang'ana pamenepa. Imabereka zochepa kwambiri, koma ntchito yake ndi kupezeka pakati pa usiku.

K6 miliyoni yotsala ndi imene anthu anabwera nayo ndi nzeru zambiri. Wina anati minibasi, wina anati chigayo, wina anandiuza za gulu lina lolonjeza 30 peresenti pamwezi. La gululi ndinalikana pomwepo. Ngati boma, limene limabwereka ndalama zambiri kuposa aliyense m'dziko muno, linkalipira pafupifupi 26 peresenti pachaka, munthu wolonjeza 30 pamwezi akulipira akale ndi ndalama za atsopano. Njira yodziwira ndi yosavuta: mufunseni chiphaso chochokera ku banki yaikulu ya Reserve, imene imayang'anira mabungwe azachuma. Minibasi ndi bizinesi yeniyeni, koma imafuna munthu woidziwa, wodzuka m'mamawa kukalondola dalaivala ndi kondakitala, komanso wokhala ndi ndalama ina yogulira injini ikafa. Ine zaka zanga zonse ndinali pa desiki.

Ndinasankha kubwereketsa boma kudzera m'zikalata za nthawi yochepa zimene banki ya Reserve imagulitsa, za masiku 91, 182 ndi 364. Ndinadzera ku banki yanga, kumene anandipatsa fomu ndi kunditsegulira akaunti yosungira zikalatazo. Sindinaike zonse tsiku limodzi. Ndinadula K6 miliyoni m'zigawo zinayi za K1.5 miliyoni. Chigawo choyamba chinalowa m'chikalata cha masiku 364, zitatuzo n'kudikira m'cha masiku 91. Miyezi itatu iliyonse ndinkasamutsa chigawo chimodzi kupita ku cha masiku 364. Chaka chitazungulira, zinayamba kukhwima motsatana, chimodzi pa miyezi itatu iliyonse, moti palibe nthawi imene ndimakakamizika kugulitsa chikalata chisanakhwime n'kuluza.

Masamu ake ndi awa. Pa 26 peresenti, K1.5 miliyoni imabereka pafupifupi K390,000 pachaka. Msonkho wa 20 peresenti umadulidwa ndalama isanafike kwa ine, ndiye K78,000 imachoka n'kutsala K312,000. Poti chigawo chimodzi chimakhwima pa miyezi itatu iliyonse, zili ngati K104,000 pamwezi.

Apa pali chinthu chimene ndimafunitsitsa wopuma aliyense atamva. K312,000 pa K1.5 miliyoni ndi pafupifupi 21 peresenti, pomwe mitengo ya zinthu mu 2024 inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo. Ndiye kuti ngakhale nditapanda kudya tambala imodzi, ndalama yanga ikugula zochepa chaka chilichonse. Ndikadya phindu lonse, nambala ya pa pepala imakhala yomweyo koma matumba a feteleza amene ingagule amachepa msanga. N'chifukwa chake pa K312,000 iliyonse timatenga theka, linalo timaliphatikiza ku chigawo chimene chikubwerera. Sizithetsa vutoli, zimangolichedwetsa.

Chiwongoladzanja cha zikalatazi chimasintha, ndiye chigawo chikamakhwima ndimafunsa kaye mlingo wa sabata imeneyo ndi kuuyerekeza ndi wa fikisidi, ndalama yomangidwa kwa nthawi yoikika, ku mabanki awiri kapena atatu, nditachotsa msonkho mbali zonse. Pano tikukonza kanyumba ka kuseri kuti tiikemo munthu wa lendi, chifukwa lendi imatha kukwezedwa zinthu zikakwera mtengo. Ndalama yake ichokera ku chigawo chimodzi chokha, ndipo mmisiri walemba kale mtengo wa simenti, zitseko ndi mawaya amagetsi kuti tione ngati K1.5 miliyoni ikwanire tisanagule thumba ndi limodzi lomwe.