Chikwama chabuluu chinkaoneka chapepo: masiku anayi ndikufufuza chifukwa chake

Lero m'mawa ndakwanitsa kujambula chikwama changa chachitenje chabuluu wakuda n'kutuluka pa chithunzi mmene chilili m'manja, ndipo ndaona kuti ndilembe zimene zachitika ndisanaiwale, chifukwa vuto limeneli landidyera masiku anayi komanso landiluzitsa kasitomala mmodzi. Mayi ena a ku Lilongwe anaona chikwamachi pa chithunzi chimene ndinaika sabata yatha, anachikonda poganiza kuti ndi chapepo, analipira, ndipo chitawafika anandiimbira foni mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi, chikwamachi n'chokongola ndithu, koma si mtundu umene ndinauona uja." Ndinawabwezera ndalama zawo, pakuti ananena zoona. Nditayerekeza chithunzicho ndi chikwama chenichenicho ndinaona ndekha kuti buluu uja analowerera kufiira, ndipo pepala loyera la kumbuyo linali ndi kamtundu kapinki.

Mpaka dzulo, malo anga ojambulira anali asanasinthe kuyambira mwezi wa Juni. Ndi katebulo kamene ndimakagunditsa kukhoma pafupi ndi windo la pabalaza, windolo likakhala kumanzere kwa katundu, osati kumbuyo kwake kapena kumbuyo kwanga. Pepala la manila loyera ndimalimata ndi tepi kukhoma, n'kulisiya kuti litsike mopindika pang'onopang'ono mpaka pa tebulo popanda kulipinda, kuti pasaoneke mzere wosonyeza pamene khoma lakumana ndi tebulo. Kumanja ndimaimika katoni yomata pepala loyera kuti izibweza kuwala kumbali yamthunzi. Ndi zipangizo zomwezi ndinajambula zikwama 12 kumayambiriro kwa Julaye ndipo zonse zinatuluka bwino, choncho zithunzi zitayamba kufiira ndinaganiza kuti yawonongeka ndi foni.

Tsiku loyamba ndinalimbana ndi foniyo. Ndinapukuta diso la kamera ndi kansalu ka magalasi, ndinachotsa chikuto chake, ndinazimitsa zosefera mitundu zonse. Ndinapezanso kuti sikirini inali pa dongosolo loteteza maso usiku, lija limachititsa zonse kuoneka zachikasu, ndipo nditalizimitsa ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma nditatumiza chithunzi pa foni ya mchemwali wanga, pinki uja analipobe, kusonyeza kuti anali m'chithunzi mwenimwenimo. Tsiku lachiwiri ndinakayikira babu, popeza tonse timadziwa kuti kusakaniza kuwala kwa babu ndi kwa pa windo kumasokoneza kamera. Magetsi atazima masana ndinajambulanso nyumba yonse ili yopanda babu loyaka, ndipo palibe chimene chinasintha.

Tsiku lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula pepala lina, poganiza kuti lakale lasintha mtundu ndi fumbi. Pali kasitolo ka zolembera kamene ndimakakonda chifukwa mwini wake amasunga manila atayala, osati atakulunga, ndipo amandilola kutuluka nalo pakhomo kuti ndilione padzuwa ndisanalipire. Izi n'zofunika, chifukwa mapepala otchedwa oyera sakhala ofanana: ena amapendekera ku buluu, ena ku chikasu ngati mkaka, ndipo mkati mwa sitolo simungawasiyanitse. Ndimapewa pepala lonyezimira chifukwa limaonetsa windo lonse ngati galasi. Chaka chatha, ndikujambula ndolo za mikanda, ndinkayala nsalu ya pabedi, koma ngakhale ndiisite bwanji makwinya ankaonekabe kuwala kukachokera m'mbali, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya nsalu. Ndinabwerako ndi mapepala awiri atsopano, ndinamata limodzi, ndinajambula, ndipo linatulukanso lapinki.

Chimene chinandithandiza ndi kuchotsa chikwama pa tebulo n'kujambula pepala lokhalokha. Ndikanachita zimenezi tsiku loyamba. Chikwama chikakhalapo maso amathamangira pa maluwa a chitenje, koma pepala likakhala lokha palibe chobisala. Ndinaona kuti kufiirako sikunali kofanana ponseponse: kunali kwambiri kumanzere, mbali ya windo, makamaka chakumtunda kwa pepala, ndipo kunkachepa polowera kumanja. Vuto likakhala la makonzedwe a kamera, chithunzi chonse chimasintha mtundu mofanana. Likakhala mbali imodzi, ndiye kuti pali chinthu chamtundu chimene chikuponya kuwala kwake kuchokera mbali imeneyo. Ndinasuzumira pa windo, ndipo ndinaona khonde lathu la simenti, lopakidwa polishi wofiira, likung'anima ndi dzuwa la cha m'ma 11 koloko. Kupitirira khondelo kuli bwalo la dothi lakatondo. Kuwala kochuluka kolowa pa windo langa kunkayamba kwamenya pansi pofiirapo, kenaka n'kukwera kulowa m'nyumba kutatenga kale mtundu, kwinaku kukumenya kudenga n'kutsikira pa tebulo.

Funso lotsala linali lakuti n'chifukwa chiyani zikwama 12 zija zinatuluka bwino pa windo lomwelo. Nditayang'ana masiku a zithunzizo ndinakumbukira kuti inali sabata ya chiperoni, kuno ku Blantyre kutachita mitambo ndi mawawa kwa masiku angapo. Kukachita mitambo, thambo lonse limawala mofanana ndipo khonde silikhala ndi mphamvu yoposa kuwala kochokera kumwamba. Dzuwa litabwerera, khonde linasanduka ngati nyali yofiira. Windo la pabalaza linayang'ana kumpoto, ndipo popeza tili kummwera kwa ikweta, m'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, kotero limawomba khonde limenelo pafupifupi tsiku lonse.

Ndinayesa kaye kukonza vutoli ndi foni yomwe, ndipo ndi bwino ndinene malire ake. Mu gawo la kamera lotchedwa "Pro" muli "WB", chosinthira mtundu wa kuwala, pamene mumasankha nambala yotsatana ndi chilembo K. Mukaitsitsa chithunzi chimalowera ku buluu, mukaikweza chimalowera ku chikasu chofiirira. Nditaitsitsa kufika pa 4500K, mbali ya windo inayera pang'ono, koma mbali ya kumanja inasanduka yabuluu. Nambala imeneyi imasintha chithunzi chonse nthawi imodzi, choncho singathe kukonza kuwala kwa mitundu iwiri pa tebulo limodzi. Kuyala nsalu yoyera pa khonde kunathandiza kwambiri, koma mphepo ya Julaye inkaiulutsa, komanso kufiira kwa bwalo kunkalowabe.

Lero ndasamutsira katebulo kuchipinda cha ana, kumene windo linayang'ana kummwera ndipo kunja kwake kuli mpanda wa simenti wosapaka utoto. Nyengo ino dzuwa sililowako mwachindunji, kuwala kwake n'kofewa ndipo sikusintha kwambiri kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Ndachotsa makatani onse, popeza ndi obiriwira, ndipo ndavula juzi yanga yofiira n'kuvala yotuwa, chifukwa tsopano ndikudziwa kuti chilichonse chachikulu chokhala ndi mtundu chimene chili pafupi chimalowa m'chithunzi ngakhale chisaoneke.

Katebulo ndakaika masentimita 60 kuchokera pa windo. Chikwama ndachidzaza ndi manyuzipepala kuti chiime chokha, ndipo ndachisendeza kutsogolo masentimita 30 kuchokera kukhoma kuti mthunzi wake usakwere pa pepala. Katoni yobweza kuwala ndaiimika chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pa chikwama. Ndikaiyandikitsa kwambiri mthunzi umatheratu ndipo chikwama chimaoneka chaphwatalala, misoko yake osaoneka, pamene ogula amafuna kuona msoko ndi zipi kuti adziwe ngati kasokedwe kake n'kolimba. Foni ndaitsamiritsa pa mulu wa mabuku, mofanana msinkhu ndi pakati pa chikwama, pa mtunda wa mita imodzi, ndipo ndasankha "2x", yokulitsa chithunzi kawiri, m'malo moyandikira, chifukwa mukayandikira kwambiri kutsogolo kwa chikwama kumafufuma ndipo m'mbali mwake mumapindika.

Kuwala kwa windo la kummwera kumachokera ku thambo labuluu, choncho pa 5500K pepala limaoneka lozizira. Ndakwezera pang'onopang'ono ndikuyang'ana pepala lenileni ndi la pa sikirini, mpaka pa 6500K pamene ziwirizi zagwirizana, ndipo ndaisiya pomwepo pa zikwama zonse. Ubwino woisankha nokha ndi wakuti foni siisinthanso. Ikasiyidwa kuti izisankha yokha, chikwama chachikasu chikadzaza chithunzi imawonjezera buluu, chabuluu chikabwera imawonjezera chikasu, ndipo pa tsamba logulitsira pepala limodzi lomwelo limaoneka la mitundu yosiyanasiyana. Chinthu chachiwiri ndi kutuwa kwa pepala. Kamera ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imachepetsa kuwala mpaka pepala kuoneka ngati phulusa. Ndakweza "EV", chowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi, kufika pa +0.7. Nditayesa +1.3 pepala linayera mbee, koma maluwa achikasu a chitenje anawala mopitirira mpaka mizere yawo kusowa, ndipo kwa ine kuli bwino pepala lituwe pang'ono kusiyana ndi kutaya maluwa a katundu amene ndikugulitsa. "ISO", nambala ya mphamvu imene kamera imalandirira kuwala, ndaisiya pa 100 kuti buluu wakuda asachite timadontho ngati mchenga, ndipo popeza izi zimachititsa kamera kujambula mochedwerapo, ndatchera nthawi ya masekondi awiri kuti dzanja langa likhale litachoka pa foni.

Nditamaliza ndagwirizitsa chikwama pambali pa sikirini nditaima pa windo lomwelo, kenaka ndatumiza chithunzicho pa mafoni ena awiri a pakhomo pano. Pa foni imodzi buluu akuoneka wowalirapo, chifukwa masikirini sakhala ofanana ndipo zimenezo sindingazilamulire, koma pa onse atatu ndi buluu, palibe amene angamutche pepo. Mayi a ku Lilongwe aja ndawatumizira chithunzi chatsopanochi pamodzi ndi cha chitenje chapepo chenicheni chimene ndinachiona ku Limbe.

Windo la kummwerali silindithandiza chaka chonse. Kuchokera cha kumayambiriro kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa la masana limadutsa chakummwera kwathu, ndipo ngakhale nthawiyo isanafike lidzayamba kulowa m'mawa ndi madzulo, choncho ndidzayenera kupachika nsalu yoyera yopyapyala kapena kubwerera pabalaza n'kupeza njira yokhalitsa yophimbira khonde. Pakali pano ndikufuna kujambulanso zikwama zonse 40 Loweruka likudzali, chilichonse kutsogolo, kumbuyo, mkati ndi pa zipi, ndipo nthawi ikatsala ndiyambe mabotolo a uchi a achimwene anga, ngakhale galasi limaonetsa windo, foni ndi nkhope yanga yomwe, ndipo katoni yoyera ija iyenera kuti idzalowedwa m'malo ndi yakuda.