Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mawu a pasiwa ndi mawu a pakhadi

Zikomo nonse amene munandilembera gawo lapita lija litatuluka. Sindinathe kuyankha aliyense, koma ndinawerenga zonse. Mchemwali wina wa ku Joni wafunsa funso limene landichititsa kuti ndiimike kaye nkhani ya katundu imene ndinalonjeza ija. Akuti mnzake wa kuntchito waferedwa mwana, ndipo iye akuzengereza kupita chifukwa sakudziwa chokanena akafika pakhomo, moti akuganiza zongotumiza khadi. Achemwali, ine ndinapepesedwapo njira zonse ziwiri, pasiwa ku Dedza ndi pakhadi kuno ku Leeds, ndipo ziwirizi sizigwira ntchito imodzi.

Mukukumbuka kuti bambo a ana anga anatisiya mu June 2003. Tinanyamula thupi kuchoka ku Lilongwe kupita kumudzi kwawo, ndipo pofika tinapeza anyamata ataika kale masamba pamsewu. Siwa inali nyumba ya apongozi anga. Anali atatulutsa mipando yonse n'kuyala mphasa. Ine anandikhazika pafupi ndi bokosi, miyendo nditatambasula, kumanja kwanga kuli azakhali a malemu. Azibambo anali panja kuzungulira moto, pakuti kuzizira kwa Dedza mu June mukukudziwa.

Mzimayi aliyense wofika ankayamba kulira akali pabwalo, n'kuvula nsapato pakhomo, n'kulowa, n'kukhala pansi pamene apeza malo. Palibe amene ankathamangira kwa ine. Kulira kukatsika, ankasendera chogwada, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena motsitsa kuti, "Pepani mayi." Ena ankawonjezera kuti, "Pepani ndi zovutazi, tamva." Ine ndinkangoti "Zikomo", ndipo pamene mawu ankakana kutuluka azakhali ankandiyankhira. Basi. Munthu uja ankabwerera pamalo pake n'kukhala, ena mpaka kucha.

Pa nthawiyo sindinkadziwa chifukwa chake mawu ochepa chonchi ankandikwanira. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti namfedwa sakumva ziganizo. Mutu wake uli pa bokosi, pa ana, pa zimene zinachitika usiku womaliza kuchipatala. Chimene amaona ndi nkhope, ndipo nkhopeyo saiiwala. Mpaka lero ndingathe kukuuzani amene anakhala pakona iti m'nyumba ija, koma mwa onse amene ananena zabwino palibe chiganizo chachitali chimene ndikuchikumbuka. Ngakhale anzake a Yobu m'Baibulo anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu, ndipo mavuto anayamba atatsegula pakamwa.

Nkhani ya mmene munthu wamwalirira ili ndi mwiniwake. Panja paja, gulu la azibambo likafika, linkavula zipewa, kukhala pansi, kupereka moni wa m'manja, kenako malume a malemu ndi amene ankafotokoza. Ankati, "Mwana wathuyu wadwala ndithu. Tinayesa kuchipatala, koma Lachiwiri usiku zinakanika." Alendo ankayankha kuti, "Tamva, pepani." Zimene malume anena ndi zimene banja lagwirizana kuti anthu amve, ndipo wobwera kudzakhuza maliro safunsa zopitirira pamenepo. Chipepeso nachonso sichinkabwera m'manja mwanga. Panali mnyamata wa kope amene ankalemba dzina ndi ndalama, kuti zidzalengezedwe pa mwambo.

Tsopano ndinene za alamu anga aja, akazi a achimwene aakulu a malemu. Ena mwa inu munandipempha kuti ndiwasiye, poti papita zaka zambiri. Ndinawakhululukira, koma ndizinena chifukwa zimene anachita anthu akuchitabe lero.

Analowa bwinobwino, analira, anasendera. Atandigwira dzanja sanalisiye. Anaweramira kukhutu kwanga, koma mawu awo anamveka mpaka pakhomo: "Kodi mlamu, ndi matenda omwewa? Nanga inuyo munakayezetsa?" Muzikumbukira kuti chinali chaka cha 2003. Mankhwala otalikitsa moyo anali asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma, anadzayamba 2004. Masiku amenewo funso limenelo linkatanthauza kuti wotsatira kulowa m'bokosi ndiwe. M'nyumba monse munangoti zii. Ndinamva maso a azimayi onse akuyeza mikono yanga, khosi langa, tsitsi langa pansi pa mpango. Mwana wanga wamkazi, amene anali mu Sitandade 6, anali atatsamira pamsana panga, ndipo ndinamva thupi lake likuuma. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ine wamasiye, kuti ndidziteteze pamaso pa mwamuna wanga atagona pomwepo. Mawu asanatuluke, azakhali anayambitsa nyimbo mokweza, amayi a Chigwirizano n'kuilandira, ndipo alamu anabwerera pamalo pawo. Usiku umenewo mwana uja anandifunsa monong'ona ngati inenso ndimwalira. Funso limenelo analinyamula mpaka ku sekondale.

Pamenepa ndi pamene mungadziwire kuti mawu anu apita padera: namfedwa akayamba kudzifotokozera, kapena akayamba kukutonthozani inuyo, kapena akangoti "eya, eya" maso ali pansi, siyani pomwepo, nenani pepani, khalani pansi. Si mafunso okha amene amalasa. Wina anandiuza kuti ndikadali mtsikana, ndidzapeza banja lina, bokosi lisanatsekedwe n'komwe. Wina anati ndilimbe mtima, ndisalire, chifukwa cha ana. Wina anayamba kundisimbira mmene mchimwene wake anavutikira pomwalira. Onsewa ankafuna zabwino, koma aliyense anandipatsa ntchito yoti ndimuyankhe. Ngakhale mawu oti Mulungu anapereka ndipo watenga, ine ndikuona kuti ndi a abusa pa ulaliki, kapena a namfedwa mwiniwake akafika poti angawanene.

Amene anandithandiza kwambiri anabwera maliro atatha, anthu atabalalika, nditabwerera ku Lilongwe. Anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene anali ku Mzuzu pa nthawi ya maliro. Anaodira, anatula thumba la makala ndi shuga pakhonde, anakhala pamkeka. Anati, "Uthenga tinaumva tili kutali. Tati tidzakuoneni. Pepani amake mwana." Anakhala chete mpaka ine ndinayamba ndekha kusimba, ndipo sanandidule. Potsanzika anati, "Mawa ana ndiwaperekeza ine kusukulu." Sanandifunse ngati pali chimene angathandize, chifukwa namfedwa sadziwa choyankha pa funso limenelo. Anasankha chinthu chimodzi n'kuchichita.

Zaka zinapita, ana anakula, ndinabwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, monga ndinafotokozera kale. Mu January 2021 mayi anga anamwalira kumudzi. Unali mwezi uja matenda a Covid anavuta kwathu mpaka nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, ndipo kuno tinali pa m'bindikiro. Sindikanatha kukwera ndege, ndipo palibe amene akanaloledwa kulowa m'nyumba mwanga. Mwambo wonse ndinaonera pafoni, nditakhala pansi m'khitchini. Kunalibe siwa, kunalibe wondiyankhira.

Kenako makhadi anayamba kugwa pa kabowo ka makalata ka pachitseko. Kuno ndiwo mwambo wawo. Poyamba zinandiwawa, ndinkaona ngati anthu akundipepesa ndi pepala kuti athane nazo. Ambiri anali ndi mawu osindikizidwa kale kusitolo, munthu n'kungosaina dzina pansi. Amenewo ndinawerenga kamodzi. Pamenepo ndinaona kuti "pepani" amene amakwana pasiwa, papepala amachepa, chifukwa palibe dzanja, palibe nkhope, palibe munthu woti akhale nawe mpaka kucha. Zonse zimene thupi likanachita, pakhadi ziyenera kuchitidwa ndi cholembera.

Khadi imene ndinasunga inachokera kwa mnzanga wa ku Zomba amene amakhala ku Manchester. Analemba ndi dzanja, m'Chichewa:

"Achemwali, ndamva za imfa ya amayi. Pepani kwambiri. Ine ndinawaona kamodzi kokha, tsiku lija tinapita kumudzi kukatenga mbatata. Anaona kuti nsapato zanga zanyowa, anaziyanika pamoto osandiuza, ndipo pochoka anandimangira mtedza pansonga ya chitenje. Sindinaiwale. Lamlungu madzulo ndikuimbirani. Mukapanda kuyankha ndidziwa kuti simunakonzeke, ndidzaimbanso. Musavutike kuyankha khadi ino."

Taonani zimene zilimo. Wanena za imfa mosazungulira. Watchula chinthu chimodzi chenicheni chimene amayi anachita, chimene ine sindinkachidziwa n'komwe, moti anandipatsa kachidutswa ka mayi anga kamene ndinalibe. Walonjeza chinthu chokhala ndi tsiku lake, ndipo anaimbadi. Pomaliza wandimasula kuti ndisayankhe. Za matenda sanafunse, ndipo sananene kuti akudziwa mmene ndikumvera.

Nkhani ya nsapato ija akanainena pasiwa, anthu ali pamzere kumbuyo kwake, ndikanangogwedeza mutu osamva kanthu, mwinanso ikanandidzutsira kulira pamene ndinali nditangopuma. Pakhadi inafika bwino chifukwa khadi umaitsegula wekha, pa nthawi imene wasankha, ndipo ikakulemera umaitseka n'kudzaitsegulanso mwezi wamawa. N'chifukwa chakenso pakhadi muyenera kusamala kuposa pakamwa. Mawu olakwika a pasiwa azakhali angathe kuwakwirira ndi nyimbo, koma olembedwa amakhala m'kabati zaka, ndipo ana adzawawerenga. Vesi ya m'Baibulo ili ndi malo pakhadi ngati mukudziwa kuti banjalo ndi lopemphera, koma ibwere pambuyo pa mawu anuanu, isalowe m'malo mwawo. Ngati malemu simunawadziwe, lembani zimene mnzanuyo ankakuuzani za iwo. Ndipo lembani dzina lanu lonse ndi kumene munadziwirana, chifukwa maenvulopu amatayika ndipo namfedwa amawerenga mutu uli wolemera.

Ndiye achemwali a ku Joni, ngati mnzanuyo ali mumzinda womwewo, pitani. Valani chitenje, tengani kena kake m'manja, ngakhale buledi ndi shuga. Pakhomo nenani kuti, "Ndamva za mwana. Pepani." Mutchuleni dzina mwanayo ngati mumalidziwa. Akakulowetsani, khalani pansi, musiye mayiyo ayambe yekha. Akaima pakhomo osakulowetsani, monga zimachitikira m'mizinda ya eni ino, musakhumudwe, perekani zimene mwatenga, nenani tsiku limene mudzabwerenso. Khadiyo mulembe pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, pamene foni yasiya kulira ndipo abale abwerera kwawo, ndipo mulembemo chinthu chimodzi chimene mukukumbukira za mwanayo.

Gawo lotsatira ndibwerera ku 2003, m'mawa wa tsiku lometa, pamene achimwene a malemu anatulutsa pepala la katundu wa m'nyumba mwathu.